Zimene Zidachitika pa Msundwe Zili ndi Dzina Lake

Pali mau awiri amene amamveka kawirikawiri pakati pathu, pamaliro, pamsika, ngakhale pakhomo pa tchalitchi Misa itangotha. Oyamba ndi akuti wakuba saulula ukamnyengerera, ayenera kulawa chikoti. Achiwiri ndi akuti anthu a pa Msundwe adaziputa dala, popeza ndiwo adayamba kupha wapolisi. Onena mauwa si anthu ouma mtima onse ai. Ambiri ndi anthu amene adaberedwapo ng'ombe kapena fodya wa chaka chathunthu, ndipo ena ali ndi mwana kapena mlongo wao ku polisi. Komabe mau onse awiriwa atsamira pa bodza limodzi, lakuti ilipo nthawi ina imene boma liloledwa kuzunza munthu. Nthawi yotero kulibe. Malamulo a dziko lathu saidziwa, mapangano amene Malawi adalowamo saidziwa, ndipo Eklezia, amene kale adaiyesapo, adaikana poyera. Ndifuna kuti tione chifukwa chake, osati pa nkhani za kutali, koma pa zimene zidachitika pamseu wathu womwe uno wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji.

Pa 8 Okutobala 2019, dziko lili pa mkangano wa chisankho cha mwezi wa Meyi chaka chomwecho, anthu adatseka mseu pa Msundwe kuti otsatira chipani cholamula asapite ku msonkhano wa Pulezidenti Peter Mutharika mumzinda wa Lilongwe. Apolisi adabwera kudzatsekula mseuwo, ndipo pachipwirikiti chimene chidabukapo mmodzi wa akuluakulu ao, a Usumani Imedi, adaphedwa ndi miyala. Tisachepetse imfa imeneyi. Kudali kupha munthu, tchimo lolira kwa Mulungu, ndipo amene adaponya miyalayo adayenera kugwidwa ndi kuweruzidwa. Koma apolisi atabweranso mwaunyinji, adalowa m'nyumba za anthu pa Msundwe, pa M'bwatalika ndi pa Mpingu, m'mene amuna ambiri atathawa. Bungwe la boma loona za ufulu wachibadwidwe wa anthu lidafufuza nkhaniyi, ndipo mu Disembala 2019 lidalengeza kuti apolisi adagwirira amai 13 ndi mtsikana mmodzi wosakwana msinkhu, nachitanso zolaula kwa atsikana ena 3. Amai ndi atsikana 18, mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi, adakasuma ku Khoti Lalikulu. Mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adagamula kuti akuluakulu a polisi adalephera udindo wao, nalamula kuti amaiwo apepesedwe ndi kuti olakwawo afufuzidwe ndi kumangidwa. Mu 2021 khoti lidaika chipepeso cha pakati pa K4 miliyoni ndi K10 miliyoni kwa aliyense.

Ambiri a ife timatchula zimenezi kuti chipongwe, kapena kuti apolisi adapyola muyeso. Mau otere ngochepa. Kupyola muyeso kutanthauza kuti muyeso wake udalipo, kuti akadalekezera pakati zikadakhala bwino. Dzina loyenera ndi chizunzo, ndipo pa malamulo liu limeneli si lotukwanira chabe, lili ndi tanthauzo loyezedwa bwino.

Tanthauzolo lipezeka m'Pangano loletsa chizunzo limene Bungwe la Maiko Onse lidavomereza pa 10 Disembala 1984, ndipo Malawi adalowamo mu 1996. Ndime yoyamba ya Panganoli itchula zinthu zinai zimene ziyenera kupezeka pamodzi kuti nkhanza itchedwe chizunzo.

Choyamba ndi ululu waukulu, wa m'thupi kapena wa mumtima. Onani kuti mtima auwerengera pamodzi ndi thupi. Munthu amene amloza ndi mfuti namuuza kuti aphedwa tsopano lino, mai amene amuuza kuti mwana wake amenyedwa iye akuona, angathe kutuluka opanda bala ndi limodzi lomwe, koma azunzidwa ndithu. Nchifukwa chake funso lakuti "chipsera chili kuti?" silitha mlandu, pakuti ozunza ochenjera amadziwa kumenya posaoneka. Za kugwirira, makhoti a maiko adaweruza kale. Khoti limene lidakhala ku Arusha kuweruza milandu ya kuphana kwa ku Rwanda lidanena mu 1998, pa mlandu wa Jean-Paul Akayesu, kuti kugwirira ndi chizunzo pamene wochita kapena wolimbikitsa zimenezo ndi munthu waudindo m'boma. Chachiwiri nchakuti ululuwo ukhale wadala. Mkaidi akavulala galimoto la polisi litagubuduzika, imeneyo ndi ngozi, mwina ndi kusasamala, koma si chizunzo. Pa ichi sitifunika kutaya nthawi: palibe munthu amene amagwirira mnzake mwangozi.

Chachitatu ndicho chifuna kuti tikhalepo pang'ono, chifukwa ndicho chiyankha anthu onena kuti a pa Msundwe adaziputa dala. Ululuwo uyenera kukhala ndi cholinga, ndipo Pangano lipereka zitsanzo za zolingazo: kufuna kuti munthu aulule kanthu kapena avomere mlandu, kumlanga pa chimene adachita kapena chimene akumganizira, kumuopseza kapena kumkakamiza, ndiponso kumzunza chifukwa cha tsankho la mtundu uliwonse. Tsono m'ndime imeneyi muli mau ochepa amene anthu ambiri sawaona. Alembi a Pangano adaonjeza kuti nchimodzimodzi ngakhale wochimwayo, kapena wofunidwa kuti aulule, kapena woopsezedwayo, ali munthu wina wachitatu. Adadziwa kuti maboma amakonda kugwira mkazi pofuna mwamuna, ndi kumenya mwana pofuna bambo. Adadziwa za chizolowezi chakalekale cholanga mudzi wonse chifukwa cha mlandu wa anthu owerengeka.

Nanga si zimenezi zidachitika? Amai aja sadagwidwe ndi mwala m'manja. Sadatengedwe kupita ku khoti kukayankha za imfa ya a Imedi. Adapezeka m'nyumba zao ndi m'malo ao a malonda, nalipira ndi matupi ao mlandu wa anthu ena. Choncho munthu akati apolisi adali okwiya chifukwa mnzao adaphedwa, aganiza kuti akuwachepetsera mlandu, pamene kwenikweni akuwaperekera umboni wowatsutsa. Iye mwini watchula cholinga: kulipsira, ndi kuopseza dera lonse kuti lisadzayesenso. Cholinga chimenecho ndicho chisandutsa nkhanza wamba kukhala chizunzo. Tili ndi mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo ngwabwino pochenjeza ana kuti asankhe bwino anzao. Koma boma likautenga mwambiwu kukhala lamulo loweruzira anthu, ndiye kuti palibe mai wa ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma amene angagone mwamtendere, popeza palibe mudzi umene ulibe mnyamata wopulupudza.

Chachinai nchakuti wochita nkhanzayo akhale munthu waudindo m'boma, kapena wina wochita molamulidwa, molimbikitsidwa kapena mololedwa ndi waudindoyo. Ena amadabwa ndi mfundo imeneyi. Amati, kodi mwamuna womenya mkazi wake usiku uliwonse sakumzunza? Pa chiyankhulo chathu cha tsiku ndi tsiku akumzunzadi, ndipo malamulo ena a dziko alipo omlanga. Koma Pangano lidasankhula nkhanza za boma pa chifukwa chomveka. Mbala ikakuthyolera nyumba umathamangira ku polisi. Wapolisi akakuthyolera nyumba uthamangira kuti? Mfuti yake, galimoto lake ndi yunifolomu yake tidagula ndife ndi misonkho yathu kuti atiteteze. Iye akasanduka chilombo, munthu wosauka watsala yekhayekha pa dziko lapansi.

Mfundo yomweyi ikhudzanso ife a kumudzi kuposa m'mene tiganizira. Pangano silinena za wolamula yekha, linenanso za waudindo amene angolekerera. Achitetezo a m'mudzi akagwira woganiziridwa kuba mbuzi, nammanga ndi linya, nayamba kumkwapula kuti atchule anzake, wapolisi ali poteropo akungoyang'ana kumbali, boma lalowamo kale m'mlanduwo. Ndipo ngakhale pamene chimodzi mwa zinthu zinaizi chisoweka, tisaganize kuti khomo latsekuka. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko lathu liletsa chizunzo cha mtundu uliwonse, liletsanso kuchitira munthu zankhanza, zosayenera umunthu ndi zonyazitsa. Kumvula munthu pagulu, kumkwawitsa m'matope, kumuunjika m'chitokosi mopanda pogona, zonsezi nzoletsedwa ngakhale woweruza atati ululu wake sudafike pa chizunzo. Gawo lomwelo liletsa chilango cha chikoti pa milandu ya ku khoti ndi pamaso pa nthambi iliyonse ya boma. Ngati woweruza wa Khoti Lalikulu, atamva mboni zonse, alibe mphamvu yolamula kuti munthu akwapulidwe, kapitawo wa pa polisi ya pamsika aitenga kuti mphamvuyo?

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Maufulu ambiri ali ndi malire. Boma lingathe kukumanga, kukuletsa kuyenda usiku, kuletsa msonkhano, ngati pali chifukwa chokwanira ndipo lamulo lilola. Gawo 45 la Malamulo Aakulu lilola Pulezidenti kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, monga pa nthawi ya nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena tsoka lalikulu lachilengedwe, ndipo pa nthawi yotero maufulu ena angathe kuyamba aimikidwa. Koma gawo lomwelo lili ndi mndandanda wa zinthu zosakhudzidwa ngakhale dziko litayaka moto, ndipo kuletsa chizunzo kuli pamndandandapo, pamodzi ndi ufulu wa moyo ndi kuletsa ukapolo. Mu Okutobala 2019 padalibe chilengezo chotero. Koma chikadakhalapo, sichikadasintha kanthu. Ndime yachiwiri ya Pangano la 1984 inena chimodzimodzi, ndipo itchula mwadala zifukwa zimene maboma amakonda kubisalamo: nkhondo, mantha a nkhondo, chisokonezo cha ndale m'dziko, ngozi ina iliyonse. Ikana zonse. Chisokonezo cha ndale ndicho chidali pa Msundwe, ndipo alembi a Pangano adachitchula ndi dzina zaka 35 chisanachitike.

Alembi a malamulo athu sadalembe zimenezi chifukwa chotengera azungu. Adali anthu amene adaona ndende za Mikuyu ndi Dzeleka, pamene munthu ankatsekeredwa zaka popanda mlandu m'dzina la chitetezo cha dziko. Adakumbukira a Orton Chirwa, amene adafera m'ndende ya Zomba mu 1992, chaka chomwe Maepiskopi athu adalemba kalata yao ya m'nyengo ya Lenti. Adadziwa mwa iwo okha kuti boma lililonse lozunza anthu limanena kuti nthawi njoipa ndipo adani achuluka.

Koma wina adzati: Bambo, za pa Msundwe tavomera, amai aja adali osalakwa. Nanga munthu amene akudziwa kumene kwabisidwa mwana wobedwa? Kodi timsiye akhale chete, mwana nkumafa? Funsoli nlolemera, ndipo sindifuna kulizemba, makamaka popeza m'dziko muno si nthano. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 adabedwa m'boma la Dedza, pa nthawi imene abale athu achialubino ankasakidwa ngati nyama. Dziko lonse lidali ndi mkwiyo, ndipo apolisi adali pampanipani kuti aonetse zipatso. Mmodzi wa ogwidwa, a Buleya Lule, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe m'mwezi womwewo. Dokotala wopima mitembo, a Charles Dzamalala, adapeza kuti adafa ndi mphamvu ya magetsi, ndipo thupi lao lidali ndi mabala a kumenyedwa. Mu 2024 Khoti Lalikulu lidapeza apolisi 6 olakwa pa imfa imeneyi. Ngati idalipo nthawi imene munthu akadati chizunzo nchofunika, idali imeneyi. Tsono tiwerenge phindu lake. Imfa ya a Lule sidabweze mwanayo kwa makolo ake. Ngati ankadziwa za anthu ogula ziwalo, adapita nazo kumanda, ndipo akuluakulu a malonda oopsawo adapumira m'mwamba. Ngati sankadziwa kanthu, ndiye kuti munthu wosalakwa adaphedwa mwankhanza m'nyumba ya boma. Ndipo ife sitidzatha kudziwa chimene chili choona mwa ziwirizi, chifukwa mlandu wao sudazengedwe mpaka kumapeto.

Apa ndipo pagona chinyengo cha fanizo la mwana wobedwa. Wofotokoza fanizolo amayamba ndi mau akuti "tikudziwa kuti munthuyu ndiye wolakwa, tikudziwa kuti akudziwa, tikudziwa kuti mwana akali moyo." Wapolisi weniweni, usiku weniweni, sadziwa zimenezi. Ali ndi munthu amene watchulidwa ndi mnzake, mwina mnzakeyo atamenyedwanso. Ndipo chikoti sichitha kusiyanitsa munthu wokana chifukwa chouma mutu ndi munthu wokana chifukwa sadziwa kanthu. Onse awiri amati "sindidziwa." Wozunza akamva choncho amaonjeza ululu, kotero kuti wosalakwa ndiye amazunzika koposa, popeza alibe choti aulule. Potsiriza amapeka. Amatchula dzina lililonse limene labwera m'mutu, la mnansi, la mlamu, la munthu amene adakangana naye za malire a munda, ndipo m'mawa mwake galimoto la polisi limakaima pakhomo pa munthu winanso wosalakwa. Ululu umatulutsa mau, ndipo mau amene umatulutsa ndi amene wozunzayo afuna kumva.

Sindikunena kuti wozunzidwa sadaneneko zoona chiyambire. Nthawi zina amanena. Nchifukwa chake sitingamange nyumba yonse pa mfundo yakuti chizunzo sichigwira ntchito, kuopa kuti tsiku limene chagwira ntchito nyumbayo idzagwa. Pali zifukwa zina ziwiri zozama.

China nchakuti chilolezo cha kamodzi sichikhala cha kamodzi. Pa ichi Eklezia angathe kuchitira umboni ndi manyazi, pakuti adayesa. M'chaka cha 866 Papa Nikolasi Woyamba, polembera anthu a ku Bulugariya amene adangotembenuka kumene, adawaletsa kumenya woganiziridwa kuti avomere mlandu, nawaphunzitsa kuti kuvomera kuyenera kuchokera mu ufulu wa munthu. Koma mu 1252 Papa Inosenti Wachinai adalola kuti anthu oganiziridwa kuti akuphunzitsa zosokeretsa azikakamizidwa kuulula, poganiza kuti chikhulupiriro chili pa ngozi. Adaika malire: munthu asaduke chiwalo, ndipo asafike pafupi ndi imfa. Pambuyo pake padakhalanso lamulo lakuti munthu asazunzidwe kawiri. Nanga chidachitika nchiyani? Ofunsa milandu ena ankati akamzunzanso munthu tsiku lina sakubwereza ai, akungopitiriza. Anthu ophunzira, odziwa Malembo, okhala ndi malamulo olembedwa bwino, adalephera kusunga malire amene adadziikira okha. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2297 ndi 2298, atsutsa chizunzo, navomera poyera kuti abusa a Eklezia adakhala chete pa nkhanza zotere, ndipo kuti makhoti ao omwe adazitsata. Ngati iwo adalephera, tiyembekeza bwanji kuti mnyamata wotopa, wolandira malipiro ochepa, amene mnzake waphedwa dzulo, adzadziwa polekezera? Mukalola chizunzo chifukwa cha mwana wobedwa, chaka chamawa chidzachitika chifukwa cha ng'ombe, kenaka njinga, kenaka foni, ndipo potsiriza chifukwa cha munthu amene wanyoza bwana. Pafunikanso anthu ochiphunzira, zipinda zochitiramo, madokotala olemba zabodza ndi akuluakulu otseka maso. Zinthu zimenezi zikakhazikika sizidikira tsiku la ngozi, zimafuna ntchito tsiku lililonse.

Chinacho ndi chimene chizunzo chimachita kwa munthu. Kumanga munthu m'ndende kumamchotsera ufulu woyenda, koma maganizo ake ndi chikumbumtima chake zimatsala zake. Angathe kukana, kupemphera, kulapa. Wozunza safuna kumtsekera chabe. Afuna kulowa m'kati mwake kudzera m'thupi lake lomwe, kuti pakamwa pake panene zimene mtima wake ukana, kuti munthuyo asanduke chida chodzipweteka nacho yekha. Mulungu mwini wake, amene adatilenga m'chifaniziro chake, sathyola chitseko cha mtima wa munthu, ngakhale wa wochimwa. Nchifukwa chake Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano mu 1965 udaika kuzunza thupi ndi maganizo pakati pa zinthu zonyazitsa mtundu wa anthu, zimene zimaipitsa wozichita koposa wochitiridwa, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1993 adaphunzitsa kuti zotere nzoipa mwa izo zokha, kotero kuti palibe cholinga chabwino chimene chingaziyeretse. Ife akhristu tiyenera kuchita mantha tikamva mtima wathu ukunena kuti nkwabwino munthu mmodzi apwetekedwe kuti anthu ambiri apulumuke. Maganizo amenewo tidawamva kale m'Mthenga Wabwino wa Yohane, ndipo mwini wake adali Kayafa. Amene adakwapulidwa pambuyo pake, molamulidwa ndi bwanamkubwa wofuna kukhazika mtima pansi khamu la anthu, timdziwa tonse.

Kwa inu apolisi ndi asilikali amene timapemphera nanu limodzi m'miphakati, pali mau ena m'ndime yachiwiri yomwe ija amene muyenera kuwasunga. Lamulo la bwana silingakhale chodzitetezera pa mlandu wa chizunzo. Tsiku la mlandu amene adzaime m'bokosi ndi amene adagwira chikoti kapena waya wa magetsi, ndipo apolisi 6 aja ndi mboni. Ndidziwa kuti kukana lamulo la wamkulu nkovuta, munthu angathe kusamutsidwira kutali kapena kumanidwa udindo, ali ndi ana pasukulu. Koma lamulo la dziko lili mbali yanu mukakana, ndipo ambiri mwa inu simudagwirepo munthu molakwika. Amene adachita zoipa pa Mpingu adadetsa dzina lanu, ndipo inu mukamawabisa mudzisenzetsa katundu amene si wanu.

Ndikadakonda kulekera pomwepa, ndi kunena kuti malamulo athu ngokwanira, kwangotsala kuwatsata. Koma si choncho. Pamene Komiti ya Bungwe la Maiko Onse yoyang'anira Pangano lija idaunika dziko lathu mu Novembala 2022, idaloza mipata iwiri ikuluikulu. Woyamba ngwakuti buku lathu la milandu ndi zilango lidalibe mlandu wotchedwa chizunzo, ngakhale Pangano lilamula dziko lililonse kuti liukhazikitse ndi chilango cholingana ndi kukula kwake. Wozunza ankangoimbidwa mlandu wovulaza, monga munthu amene wamenya mnzake pamowa, pokhapokha wozunzidwayo atafa. Wachiwiri ndi gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu, limene lidalola khoti kulandira mau ovomera mlandu ngakhale mwini wake akudandaula kuti adamkakamiza, malinga khotilo likhutire kuti adawanenadi ndipo kuti ngoona. Pangano linena zosiyana: mau otuluka m'chizunzo asalandiridwe konse ngati umboni, kupatula potsutsa wozunzayo. Ndipo Malamulo Aakulu athu omwe, pa gawo 42, aletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu. Taganizani wapolisi wofufuza amene alibe galimoto lopitira kumene kwachitikira mlandu, alibe zipangizo, koma adziwa kuti pepala losainidwa m'chitokosi lingathe kulandiridwa ku khoti. Kodi lamulo lotero limphunzitsa chiyani? Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo akabwera kudzapempha mavoti pa Namitete, tiwafunse za gawo limeneli asanayambe kutiuza za milatho.

Pali zina zimene banja lingathe kuchita lokha mbale wao akagwidwa. Gawo 42 lomwelo lilamula kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo kuti aonekere ku khoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba la khoti ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Chizunzo chimakonda masiku oyambawo, pamene munthu sadaonedwe ndi woweruza kapena wachibale. Choncho pitani msanga, pitani awiri kapena atatu, lembani tsiku ndi ora limene adagwidwa, ndipo muoneni ndi maso anu. Ngati akuyenda motsimphina, ngati mapazi atupa, ngati m'mikono muli mikwingwirima yozama ya unyolo kapena pakhungu pali timabala ta kupsa, pemphani kuti apite ku chipatala ndipo zolembedwa za dokotala zisungidwe, pakuti mabala amapola koma pepala limatsala. Iye mwini anene pamaso pa woweruza tsiku loyamba lomwelo. Dandaulo lingathe kupita ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe, kapena ku ofesi yoima payokha yolandira madandaulo okhudza apolisi, imene lamulo la polisi la 2010 lidakhazikitsa koma idayamba kugwira ntchito patapita zaka khumi, nkhani ya pa Msundwe itachitika kale. Amai ogwiriridwa afunika kufika ku chipatala pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachirombo ka Edzi ndi kuti umboni usatayike. Ndipo akabwerako, mwamuna wake ndi mphakati wake asamuonjezere chizunzo chachiwiri pomsala, ngati kuti manyaziwo ngake.

Za pa Msundwe, chipepeso chidagamulidwa, koma ndalamazo nza misonkho ya ife tonse, kuphatikizapo amai omwewo. Padamvekanso lipoti la apolisi eni ake lokayikira umboni wa amaiwo, ngati kuti munthu angaweruze mlandu wake womwe; Pangano lifuna kuti dandaulo la chizunzo lifufuzidwe msanga ndi anthu osakondera mbali. Pofika nthawi imene Komiti ija inkaunika dziko lathu mu 2022, zaka zitatu zitapita, padalibe wapolisi ndi mmodzi yemwe amene khoti lidamlanga chifukwa cha zimene zidachitikira amai ndi atsikana 18 aja. Amene adatumizidwa ku Msundwe, ku M'bwatalika ndi ku Mpingu masiku amenewo sadagwe kumwamba. Adatumidwa ndi munthu, adakwera magalimoto a boma, ndipo amene adawatuma adawadziwa maina.